Chikwangwani chinasintha, nanga ngongole ili ndi yani? Njira yotsatira kampani imene dzina lake linasowa

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki wa malipiro m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu kwa zaka zambiri, ndipo chipumireni pantchito sipatha mwezi popanda munthu kufika pakhonde panga ndi envulopu yakuda ndi utsi. M'kati mumakhala pepala la malipiro la malemu bambo ake, buku la kubanki, kapena kalata yolembedwera ntchito. Funso ndi limodzimodzi: "Kampani imeneyi akuti inatha. Ndiye kuti basi zathu zinapita?" Nthawi zina zinapitadi. Koma kawirikawiri kampaniyo ilipo, inangovala malaya ena, ndipo amene anakuuzani kuti inatha anangoona kuti chikwangwani cha pageti chinasintha. Ndalemba njira yonse pano kuti wobwera mawa ndizingomupatsa awerenge.

Ndigwiritsa ntchito nkhani ya mayi wina wa cha ku Santhe, amene anabwera ndi mapepala awiri a malemu bambo ake: buku la Malawi Savings Bank, ndi mapepala a malipiro a pa esiteti ina imene sinditchula dzina. Pepala loyamba linatitengera mphindi zochepa. Lachiwiri linatitengera miyezi, ndipo ndi limene lingakuphunzitseni zambiri.

1. Koperani dzina monga linalembedwera, chilembo ndi chilembo

Musayambe ndi dzina limene anthu amatchula. Kumudzi timati "ku Press", "kwa Mzungu", "ku Nambala 40", koma kaundula wa boma sadziwa maina amenewo. Yalani mapepala onse pamphasa, muyang'ane malo atatu: pamwamba pa pepala, pansi penipeni pamene pamakhala timalemba ting'onoting'ono, ndi pa chidindo. Chidindo ndi chimene chimanena zoona kuposa zonse, chifukwa dzina la pamwamba nthawi zambiri limakhala la malo kapena la malonda chabe.

Pa mapepala a mayi uja, pamwamba panali dzina la esiteti, limene aliyense ku Santhe amalidziwa. Koma pa chidindo chofiirira, chozimirira mbali imodzi, panali dzina lina losiyaniratu, lothera ndi mawu akuti `Limited`. Mayiyo anati, "Bambo, dzina limenelo sindinalimvepo chibadwire." Limenelo ndiye linali dzina la wolemba ntchito bambo ake. Esiteti ndi munda chabe, siingakhale ndi ngongole. Mwini ngongole ndi kampani imene inkayendetsa mundawo.

Mawu a kumapeto kwa dzina ali ndi ntchito yaikulu. `Limited` kapena `Ltd` akutanthauza kuti ndi kampani yolembetsedwa, imene pamaso pa lamulo ili ngati munthu payokha, wosiyana ndi eni ake. `Plc` ndi kampani ya mtundu womwewo koma imene masheya ake angagulidwe ndi anthu wamba. Mukaona `t/a` kapena `trading as` pakati pa maina awiri, dzina la kumanzere ndiye mwini weniweni, la kumanja ndi la pa chikwangwani. Ndipo ngati palibe `Limited` paliponse, kungoti `Enterprises` kapena `General Dealers`, mwina si kampani konse koma munthu amene analembetsa dzina la bizinesi. Pamenepo ngongole ili pa munthuyo, ngakhale atatseka sitolo n'kutsegula ina ya dzina lina ku Nkhamenya.

Lembaninso nambala iliyonse imene ikuoneka: nambala ya m'kaundula wa makampani, nambala ya msonkho ya ku MRA, bokosi la kupositi, ndi maina a amene anasaina. Zonsezi zidzakuthandizani kutsogoloku.

2. Lembani masiku a munthu wanu, osati a kampani okha

Pa pepala loyera jambulani mzere kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ikani tsiku limene munthu wanu anayamba ntchito kapena kutsegula akaunti, ndi tsiku limene analeka. Ngati simukudziwa tsiku lenileni, pepala lomaliza la malipiro likupatsani mwezi. Anthu ambiri amadumpha apa chifukwa maso awo ali pa kampani, koma mudzaona pa gawo lachinayi kuti mlandu wonse umatembenukira pa funso loti munthuyo anali akadali pantchito kapena ayi pa tsiku limene zinthu zinasintha manja. Chilichonse chimene mupeze chokhudza kampani muzichiika pa mzere womwewu, ndi chaka chake.

3. Onani kaye ngati ndi imodzi mwa makampani odziwika

Ngati pepala lanu ndi la banki, kampani ya lamya kapena kampani yaikulu yogula fodya, mbiri yake inalembedwa kale m'nyuzipepala ndipo simufunika kupita kutali. Buku la mayi uja linali lotere. Malawi Savings Bank inali ya boma. Mu 2015 boma linaigulitsa kwa FDH Financial Holdings, ndipo kenako anaiphatikiza ndi FDH Bank. Banki ikameza inzake imatenga maakaunti onse pamodzi ndi ndalama za anthu zimene zili m'menemo, choncho khomo logogoda ndi la FDH Bank. Ndinamuuza kuti atenge bukulo, chiphaso chake cha unzika, kalata ya imfa, ndi chikalata chosonyeza kuti ndi iye wololedwa kuyendetsa chuma cha masiye, chimene angayambe kufunsa kwa DC. Ndinamuchenjezanso kuti akaunti imene yakhala zaka osaigwiritsa ntchito amaigoneka, nambala yake inasinthidwa, ndipo ndalama zotsalamo zikhoza kukhala zochepa kuposa zimene zalembedwa pa tsamba lomaliza.

Mabanki ena amene mabuku awo ndimawaona kawirikawiri ndi awa. Indebank inagulidwa ndi National Bank of Malawi mu 2015. Opportunity Bank, imene alimi ambiri ang'onoang'ono anatsegulako maakaunti olandirira ndalama za fodya, inagulidwa ndi First Merchant Bank mu 2017, ndipo FMB yomweyo inadzasintha dzina kukhala First Capital Bank. Apa pali masitepe awiri, kugulidwa kenako kusintha dzina, ndiye munthu akamafunafuna chikwangwani cha Opportunity kapena cha FMB sachipeza, pamene khomo lili poyera. Commercial Bank of Malawi inasanduka Stanbic, kenako Standard Bank. New Building Society ndi NBS Bank ya lero.

Pa lamya ya m'manja mukhoza kufufuza poika dzina lakale pakati pa zizindikiro ziwiri kuti lituluke lonse monga mwalembera:

```
"Opportunity Bank" Malawi acquired
"formerly known as" "First Merchant Bank"
```

Zimene mupeze m'nyuzipepala muzitenge ngati cholozera njira chabe, osati umboni. Atolankhani amalemba kuti "yagula" pa zinthu zinayi zosiyana, ndipo kusiyana kwakeko ndi kumene kuli nkhani yonse.

4. Dziwani chimene chinachitikadi: apa ndiye pagona nkhani

Mukaima pageti, zinthu zinayi izi zimaoneka chimodzimodzi. Penti watsopano, yunifolomu yatsopano ya alonda, bwana wachilendo. Koma pamaso pa lamulo n'zosiyana kutalitali, ndipo mukalakwitsa apa mudzatha ndalama za thiransipoti mukugogoda khomo la munthu amene sakusungirani kanthu.

Choyamba ndi kusintha dzina chabe. Mkazi akakwatiwa n'kuyamba kutchedwa dzina la kwa mwamuna wake, ngongole ya kubanki mkhonde siifafanizika. Kampani ndi chimodzimodzi. Lamulo la makampani la 2013 litayamba kugwira ntchito, makampani a pa msika wa masheya ku Blantyre anasintha kumapeto kwa maina awo kukhala `Plc`, koma palibe ngongole imene inasuntha. SUCOMA ndi Illovo Sugar Malawi ya lero. Chizindikiro chake n'choti tsiku limene kampani inalembetsedwa koyamba silisintha, ndipo m'kaundula mumakhala satifiketi yosinthira dzina yotchula lakale ndi latsopano.

Chachiwiri ndi kusintha eni ake, kutanthauza kuti wina wagula masheya. Ichi ndi chimene ambiri amati "kampani yagulidwa". Taganizirani za lamya: Celtel inakhala Zain mu 2008, Zain inakhala Airtel mu 2010 pamene Bharti Airtel ya ku India inagula makampani a Zain a mu Africa. Inu nambala yanu sinasinthe, mayunitsi anu sanathe. Chifukwa chake n'choti kampani ya kuno ku Malawi inali yomweyo. Anasintha ndi eni masheya akunja, n'kubweretsa dzina lawo. Wogula masheya amagula kampani ndi zonse zili m'mimba mwake, zabwino ndi zoipa. Bwana watsopano akakuuzani kuti "zimenezo zinali za eni akale", pamene chinachitika ndi kugula masheya, akulakwitsa. Ngongole sinali ya eni akale, inali ya kampani, ndipo kampaniyo ndi imene iye akuyendetsa.

Chachitatu ndi kuphatikizana. Makampani awiri amalowana n'kutsala imodzi, ndipo yotsalayo imasenza katundu ndi ngongole za onse awiri. Alimi a fodya achikulire akukumbukira Dimon ndi Stancom, amene ankagula fodya ku okushoni aliyense payekha. Mu 2005 makampani akuluakulu a awiriwa, a ku America, anaphatikizana n'kupanga Alliance One. Koma samalani apa. Mu 2018 kampani yaikulu ya ku America inasintha dzina kukhala Pyxus International, pamene ku Kanengo dzina la Alliance One Tobacco Malawi linapitirira. Kholo ndi mwana ndi anthu awiri osiyana. Zimene zachitikira kholo kunja sizitanthauza kuti zachitikiranso mwana kuno tsiku lomwelo, ndipo amene munasainirana naye kontirakiti ndi mwanayo. Pa mzere wanu uja lembani za kholo pamwamba, za mwana pansi, musazisakanize.

Chachinayi ndi chimene chimaliza anthu: kugulitsa katundu osati kampani. Kampani imagulitsa munda, mathirakitala, zigafa, nthawi zina ndi dzina la esiteti lomwe, kwa kampani ina yosiyaniratu. Wogulayo watenga zinthu, sanatenge kampani. Ngongole zakale zimatsala ndi wogulitsa, pokhapokha ngati pangano lawo linanena kuti wogula azisenza. Choipa chake n'choti apa chikwangwani nthawi zambiri sichisintha n'komwe. Esiteti ikutchedwa dzina lomwe lija, kapitawo ndi yemwe uja, koma mwini ndi wina, ndipo wangongole wanu ali m'kaofesi kena mu mzinda, kapena akuthetsedwa.

Kumbukirani chinthu chimodzi chimene chimateteza antchito pa mtundu wachinayiwu. Lamulo la za ntchito la 2000 limati bizinesi ikagulitsidwa kapena kusamutsidwa kwa wina, antchito amene ali pantchito pa tsiku losamutsalo amapita kwa mwini watsopano pamodzi ndi zaka zawo ndi maufulu awo. Mawu ofunika ndi akuti "pa tsiku losamutsalo". Amene anali atachotsedwa kale, kapena kupuma, sali m'gulu limeneli, ndipo zawo zimatsala kwa kampani yakale. N'chifukwa chake ndinakuuzani kuti mulembe masiku a munthu wanu. Ndinaonapo amuna awiri amene anagwira ntchito m'chigafa chimodzi zaka zofanana, wina analeka dzinja lisanafike, wina anadikira mpaka fodya atapita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Munda unagulitsidwa pakati pa nthawi ziwirizo. Woyamba anayenera kulondola kampani yakale, wachiwiri watsopanoyo.

Matenanti nkhani yawo imavutirapo, chifukwa ambiri sanalembedwe ngati antchito ndipo pangano lawo linali la pakamwa kapena la m'kope la sitolo ya pa esiteti. Ngati munthu wanu anali tenanti, pitani nazo ku ofesi ya leba pa boma musanawononge ndalama kwina.

Mungasiyanitse bwanji mtundu wachiwiri ndi wachinayi musanafike kukaundula? Pezani munthu amene akugwira ntchito pamalopo lero, kapena amene anagulitsako chimanga posachedwa, mumupemphe akuonetseni pepala la malipiro kapena lisiti. Yerekezani chidindo chake ndi chanu. Ngati nambala ya msonkho ndi yomweyo koma dzina lasintha, mwina ndi kampani yomweyo. Ngati dzina la esiteti ndi lomwelo koma dzina la `Limited` ndi nambala ya msonkho zasintha, ganizirani kuti munda unagulitsidwa. Funsaninso achikulire a pamalopo funso ili: "Eni atsopano atabwera, munalipidwa zanu zonse n'kulembedwanso mwatsopano, kapena munangopitiriza?" Akakuyankhani kuti analipidwa ndalama zochotsedwera ntchito n'kusaina makalata atsopano, kawirikawiri ndiye kuti kampani inali ina.

Pa esiteti ya bambo a mayi uja, mlonda wina wachikulire anatiuza kuti "tonse anatilipira za notisi, mawa lake tinalembetsanso maina patebulo pansi pa mtengo wa mango." Tinadziwiratu kuti tili pa mtundu wachinayi. Koma mawu a mlonda sangaime pakhoti, ndiye tinapitirira.

5. Kafufuzeni m'kaundula wa makampani

Kampani iliyonse yolembetsedwa m'Malawi ili ndi failo ku kaundula wa makampani, kumene ambiri timakudziwa kuti kwa Registrar General, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Masiku ano kulembetsa mabizinesi kumachitikira pa intaneti kudzera pa tsamba la boma lotchedwa `MBRS`, koma mbiri ya makampani akale kwambiri nthawi zambiri imakhala m'mafailo a mapepala, choncho musataye mtima ngati dzina silikutuluka pa lamya. Kufufuza kumalipiridwa, funsani mtengo wake musananyamuke, ndipo mulandire lisiti ya boma.

Musakangoti "ndikufuna kudziwa za kampani yakuti". Mukalankhula choncho adzangokuuzani kuti ilipo kapena palibe. Lembani mafunso anu pa pepala, muwapereke motere: kampaniyi inalembetsedwa liti, ndipo nambala yake ndi iti, inakhalapo ndi maina ena ati, ndipo inasintha liti, ofesi yake yolembetsedwa ili kuti lero, madairekitala ndi eni masheya ndi ndani malinga ndi lipoti la pachaka lomaliza, lipoti lomalizalo linaperekedwa chaka chiti, kodi pali banki imene inalembetsa chikole pa katundu wake, ndipo kodi ikadali m'kaundula, ikuthetsedwa, kapena inafafanizidwa.

Malipoti a pachaka ndi amene amafotokoza nkhani mukawayala motsatana. Chaka china eni masheya ndi awa, chaka chotsatira ndi ena, kampani yomweyo: amenewo ndi masheya ogulidwa. Eni ndi omwewo zaka zonse, koma adiresi yachoka pa esiteti kupita m'tauni ndipo chikole cha banki chafafanizidwa: mwina munda unagulitsidwa n'kubweza ngongole ya banki.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi maina ofanana. Banja limodzi likhoza kukhala ndi makampani atatu oyamba ndi mawu amodzi, ina yothera ndi `Estates`, ina `Farms`, ina `Holdings`, ndipo iliyonse ndi munthu payokha. Musalole kalaliki, kapena mtima wanu wofulumira, kukusankhirani yofanana nayo. Wachiwiri ndi nambala. Kaundula atalowa m'makompyuta, kampani yakale mukhoza kuipeza ili ndi nambala ya maonekedwe atsopano yosiyana ndi ya pa pepala lanu. Musathamangire kunena kuti ndi kampani ina; funsani nambala yakale ndi tsiku lolembetsedwa koyamba, chifukwa tsiku limenelo ndi ngati tsiku lobadwa.

Mayi uja anatuma mphwake amene amakhala ku Lilongwe. Anapeza kuti kampani ya pa chidindo ija inasintha dzina kamodzi, bambo a mayiyo akadali pantchito, ndipo n'chifukwa chake anthu ankati inatha. Inali ikadali m'kaundula ndi dzina latsopanolo, eni masheya ndi omwe aja, ofesi ili mu mzinda. Kampani imene ikuyendetsa esiteti lero inali ina, yolembetsedwa mochedwa kwambiri, ya eni ena.

6. Tsimikizani tsiku limene katundu anasintha manja

Kaundula wa makampani sanena za kugulitsidwa kwa munda, chifukwa si nkhani yake. Maesiteti ambiri kuno ali pa lizi, ndipo kusamutsa lizi kumalembetsedwa ku unduna wa za malo. Yambani ku ofesi ya za malo pa boma. Adzakuuzani ngati muyenera kupita ku Lilongwe. Mudzafunika nambala ya esiteti kapena ya lizi, ndipo chimene mukufuna ndi dzina la amene ali ndi lizi lero ndi tsiku limene inachoka kwa wakale.

Malo ena atatu amathandiza. Gazeti ya boma imalengeza za makampani amene akuthetsedwa kapena kufafanizidwa. Magazeti akale amasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo ena alipo pa `malawilii.org`. Pa tsamba lomweli pali zigamulo za makhoti, ndipo ine ndimazikonda chifukwa woweruza asanagamule amayamba wafotokoza kuti kampani iyi inachokera kuti ndipo inatenga chiyani kwa yani. Lembani dzina la kampani yanu pamenepo. Mwina antchito ena anaisumirapo kale ndipo funso lanu linayankhidwa. Achitatu ndi a Competition and Fair Trading Commission, amene amaunika kugulana ndi kuphatikizana kwa makampani, ngakhale kuti kugulitsana kwa kaesiteti kamodzi simungakupezeko kawirikawiri.

Tsiku la lizi titaliika pa mzere wathu, nkhani inaoneka yokha. Bambo a mayi uja analeka ntchito chifukwa cha matenda pafupifupi chaka chimodzi munda usanagulitsidwe. Ulendo uliwonse umene banjalo linayenda kupita pa esiteti kukakangana ndi manijala unali wopita pachabe, ndipo manijalayo sankanama ponena kuti sakuwadziwa.

7. Mukapeza mawu awa, sinthani njira

Mukaona `in receivership` pambuyo pa dzina, ndiye kuti wangongole wamkulu, kawirikawiri banki, waika munthu wake kuti agwire katundu. Mukaona `in liquidation`, kampani ikuthetsedwa: pali munthu wosankhidwa kugulitsa zonse n'kugawira amene kampaniyo ili nawo ngongole, motsata ndondomeko ya lamulo. Apa musalembere madairekitala, alibenso mphamvu. Lemberani wothetsayo, mwachangu, ndi umboni wanu, chifukwa amalengeza tsiku lotsekera kulandira madandaulo, ndipo ndalama zikagawidwa zagawidwa. Mukaona `struck off` kapena `dissolved`, kampaniyo inafafanizidwa m'kaundula. Pali njira yopempha kuti ibwezeretsedwe, koma imafuna loya, ndipo ndi yaphindu pokhapokha ngati pali katundu amene anatsala m'dzina lake. Ngati palibe, ndimawauza anthu zoona, ngakhale zimawawa, kuti asagulitse mbuzi kulondola chinthu chopanda mwini.

Ndalama za penshoni zili ndi njira yakeyake, ndipo ichi ambiri sachidziwa. Kuyambira mu 2011, lamulo limakakamiza olemba ntchito kuika antchito pa penshoni, ndipo ndalamazo sizisungidwa ndi kampani koma ndi thumba lapadera loyendetsedwa ndi makampani monga NICO kapena Old Mutual. Kampani ikhoza kufa thumba lili moyo. Yang'anani pa pepala la malipiro ngati ankadula za penshoni, mufunse woyendetsa thumba ndi dzina la munthu wanu komanso maina onse a kampani, akale ndi atsopano. Mukapeza kuti ankadula koma sankatumiza, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira za penshoni.

8. Lembani kalata yonyamula unyolo wonse

Musapite pakamwa pokha. Kalata yanu ilembedwe ku dzina la lero la kampani, ku ofesi yake yolembetsedwa, ndipo ndime yoyamba ilumikize maina onse kuti wowerenga asapeze pothawira: kuti malemu anagwira ntchito kwa kampani yakuti, nambala yakuti, kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti, kuti kampaniyo inasintha dzina tsiku lakuti kukhala lakuti malinga ndi kaundula, ndipo kuti chimene mukufunsa ndi chakuti, cha ndalama zakuti ngati mukudziwa. Phatikizani mafotokope okha. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu, ngakhale wina atakuuzani kuti angowaonetsa abwana m'kati. Pangani makalata awiri, imodzi muwasiyire, inayo akudindireni chidindo ndi tsiku lolandirira.

Za nthawi ndikuchenjezeni mwamphamvu. Ngongole za mapangano zili ndi malire a nthawi yosumira, kawirikawiri zaka 6 kuchokera pamene ndalama zinayenera kulipidwa, ndipo madandaulo ena a za ntchito amafuna kufulumira kuposa pamenepo. Kusintha kwa dzina kapena kwa eni sikuimitsa wotchi imeneyi. Choncho pamene mukufufuza, kalembetseni dandaulo ku ofesi ya leba ndi dzina limene muli nalo, ndipo ngati zaka zayandikira kaonaneni ndi a Legal Aid Bureau musanamalize n'komwe masitepe onsewa.

Mayi uja tinamulembera kalata pakhonde pomwe pano, mphwake n'kukaipereka pamanja. Patapita milungu ingapo kunabwera yankho lopempha nambala ya ntchito ya malemu ndi kalata ya kwa DC. Nambalayo inali pa ngodya ya kumanja ya pepala la malipiro, pamene chiswe chinadya theka. Tinaipeza yathunthu pa pepala la mwezi wina limene linali pansi pa mulu. Ngati muli ndi mapepala khumi ofanana, musataye asanu ndi anayi poganiza kuti limodzi likwanira.